Mowa ndi fulajilo: n'chiyani chimachitika m'chiwindi?

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yopereka mankhwala muno mu Lilongwe, palibe mankhwala amene anthu amandibwerera nawo ndi mafunso ochuluka kuposa metironidazo, amene ambiri timawadziwa ndi dzina lakuti fulajilo. Timawapereka pa kamwazi woyambitsidwa ndi tizilombo ta amiba, pa chotupa cha mafinya cha m'nkhama, pa matenda ena a kumaliseche kwa amayi, komanso pa matenda ena opatsirana pogonana. Nthawi zonse ndikamapereka kathumba kake ndimanena kuti asamwe mowa, ndipo mafunso otsatirawa ndi amene amabwera pambuyo pa mawu amenewo.

Kodi mowa umapita kuti munthu akamwa?

Kuti tiyankhe bwino za fulajilo tiyenera kuyamba ndi ulendo wa mowa wokha. Chimene chimaledzeretsa mu kachasu, mu chibuku, mu masese kapena mu mowa wa m'botolo ndi chimodzi, ndicho ethano. Ethano akachoka m'mimba ndi m'matumbo amalowa m'magazi, ndipo wochuluka amakaphwanyidwa m'chiwindi. Ntchito yophwanyayi imagwiridwa ndi ma enzaimu, omwe ndi timapuloteni tosintha chinthu china kukhala chinthu china, ndipo imachitika m'masitepe awiri.

Pa sitepe yoyamba, enzaimu yotchedwa alikoholo dihaidirojenezi imasandutsa ethano kukhala asetalidehaidi. Asetalidehaidi ameneyu ndi poizoni woposa mowa weniweniwo, ndipo thupi silifuna kuti achedwe m'magazi. Pa sitepe yachiwiri, enzaimu ina yotchedwa alidehaidi dihaidirojenezi, imene m'mabuku a zachipatala imalembedwa mwachidule kuti ALDH, imamusandutsa kukhala asiteti, chinthu chapachibale ndi viniga chimene thupi limatha kuchiwotcha mpaka kutsala madzi ndi mpweya umene timapumira kunja.

Taganizani za chigayo chimene chili ndi makina okonola ndi makina ogaya. Ngati okonola akugwira ntchito koma ogaya aima, mphale imangodzaza m'mabeseni mpaka kutayikira pansi. M'chiwindi cha munthu wabwinobwino makina achiwiri amathamanga kwambiri, kotero asetalidehaidi amachotsedwa pafupifupi nthawi yomwe wapangidwa. ALDH ikatsekedwa, sitepe yoyamba imapitirizabe kupanga poizoniyo, ndipo iye amasefukira m'magazi.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhope imatentha ndipo munthu amasanza?

Asetalidehaidi akachuluka m'magazi amafutukula timitsempha ta magazi ta pakhungu, ndipo amachititsanso thupi kutulutsa hisitamini, chinthu chomwecho chimene chimatupitsa ndi kuyabwitsa pamene njuchi yaluma. Magazi ambiri amathamangira kunkhope, m'khosi ndi pachifuwa. Mabuku olembedwa kwa azungu amati nkhope imafiira, koma pakhungu lathu lakuda kufiirako sikuoneka msanga, choncho chimene timadalira ndi mmene wodwala akumvera: kutentha kunkhope ngati wayandikira mbaula, thukuta, maso ofiira, ndi mutu wogunda. Mitsempha ikafutukuka, mphamvu ya kuthamanga kwa magazi imatsika, ndipo mtima umayankha mwa kugunda mofulumira kuti magazi afikebe ku ubongo. N'chifukwa chake munthu amamva mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndipo akaimirira mwadzidzidzi amachita chizungulire. Mseru ndi kusanza zimabwera chifukwa ubongo uli ndi malo amene amazindikira poizoni m'magazi n'kulamula mimba kuti itulutse zimene zili m'kati, komanso chifukwa mowa ndi fulajilo zonse ziwiri zimapsetsa m'mimba pazokha.

Zonsezi tinazidziwa bwino kudzera m'mankhwala ena otchedwa daisalifiramu, amene madokotala amapereka dala kwa anthu ofuna kusiya mowa. Daisalifiramu amatseka ALDH kotheratu, moti munthu akamwa ngakhale pang'ono amadwala pasanathe mphindi 30, ndipo kudwalako kumatha kutenga maola angapo. Anthu ambiri a ku China, Japan ndi Korea amabadwa ndi ALDH yofooka, ndipo nkhope zawo zimatentha ndi kufiira akangomwa tambula imodzi popanda mankhwala ena alionse. Madokotala ataona zizindikiro zofanana ndi zimenezi mwa odwala ena omwe anamwa mowa ali pa fulajilo, anafotokoza kuti mankhwalawa akutseka enzaimu yomweyo.

Mnzanga anamwa mowa ali pa fulajilo koma sanadwale. Kodi si bodza la kuchipatala pofuna kutiletsa mowa?

Funso limeneli ndimalilemekeza, chifukwa mnzanuyo mwina akunena zoona, ndipo sindifuna kuti tizikopa anthu ndi mantha. Si aliyense amene amadwala. Umboni wakuti fulajilo amatseka ALDH ya m'chiwindi ndi wofooka poyerekeza ndi wa daisalifiramu. M'chaka cha 2002 akatswiri a ku Finland anayesa amuna 12 athanzi: ena anawapatsa metironidazo kwa masiku 5, ena mapiritsi opanda mankhwala, kenako onse anawamwetsa mowa wapang'ono, ndipo asetalidehaidi sanakwere m'magazi mwa amene anamwa mankhwalawo. Kafukufuku wa pa makoswe anaonetsa asetalidehaidi akuchuluka m'matumbo akulu, kumene fulajilo amapha mabakiteriya ena n'kusiya ena otha kupanga poizoniyo kuchokera ku mowa. M'chaka cha 2021 bungwe la boma la America loona za kupewa matenda, lotchedwa CDC, linalemba m'malangizo ake a matenda opatsirana pogonana kuti palibe umboni wokwanira woletsera mowa kwa omwa metironidazo.

Komabe makampani opanga mankhwalawa sanachotse chenjezo pamapepala awo, ndipo ine ndimalitsatira pa zifukwa zimene ndikhoza kuziteteza. Amuna 12 athanzi omwa mowa woyezedwa bwino si ofanana ndi bambo amene watsegula m'mimba masiku atatu, sakudya, ndipo wamwa kachasu amene palibe akudziwa ukali wake. Malipoti a odwala omwe anasanza koopsa, kukomoka, ngakhale kumwalira kumene alipo m'mabuku a zachipatala, ngakhale ndi ochepa. Ndiponso palibe njira yodziwiratu pawindo la mankhwala kuti uyu adwala, uyu sadwala. Kupirira masiku 7 kapena 9 opanda mowa sikuvulaza munthu wamba, pamene kusanza mapiritsi kumasiya matenda osachizidwa.

Ndiye ndidikire nthawi yaitali bwanji ndikamaliza mapiritsi?

Yankho lalifupi ndi maola 48 kuchokera pa piritsi lomaliza. Mapepala ena, makamaka a ku America, amati masiku 3, ndipo ngati mwapatsidwa tinidazo, yemwe ndi mbale wake wa fulajilo koma wochedwa kuchoka m'thupi, dikirani maola 72.

Nambala imeneyi ili ndi pochokera, ndipo ndikuonetsani ndi nkhani ya bambo wina wa ku Kawale, wokonza magalimoto, amene anabwera tsaya litatupa chifukwa cha dzino. Anali atalemberedwa mamiligalamu 400 katatu pa tsiku kwa masiku 5, kuyambira Lolemba m'mawa, kutanthauza mapiritsi 15, lomaliza Lachisanu 10 koloko usiku. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, Loweruka kuli chinkhoswe cha mlongo wanga, ndipo ine ndiye wolandira alendo. Botolo limodzi lokha silingatheke?"

Ndinatenga kathumba ka mankhwalako n'kulemba kumbuyo kwake. Thupi limachotsa theka la metironidazo wotsala m'magazi pa maola pafupifupi 8 alionse. Choncho Loweruka 6 koloko m'mawa patsala theka, 2 koloko masana, nthawi imene mabotolo amayamba kutsegulidwa pachinkhoswe, patsala gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo 10 koloko usiku patsala limodzi mwa 8. Lamulungu 2 koloko masana, patatha maola 40, patsala limodzi mwa 32, ndipo pofika 10 koloko usiku wa Lamulungu, maola 48 atakwana, patsala limodzi mwa 64, lomwe ndi losawerengeka. Bamboyo anayang'ana manambalawo kwa kanthawi n'kuvomera kuti Loweruka amwa zoziziritsa kukhosi zopanda mowa. Kwa munthu amene chiwindi chake chinaonongeka kale, kaya ndi mowa wa zaka zambiri kapena matenda a hepataitisi, kuchotsa theka kumatenga nthawi yoposa maola 8, kotero ayenera kuonjezera masiku ndi kuuza dokotala za chiwindicho asanayambe n'komwe mankhwala.

Kuwerengaku kumakhudzanso amene apatsidwa magalamu 2 akumwa kamodzi, monga mapiritsi 5 a mamiligalamu 400 nthawi imodzi. Ambiri amaganiza kuti poti amwa kamodzi ndiye kuti zatha tsiku lomwelo, pamene iwowo ndiwo ali ndi mankhwala ochuluka m'magazi usiku woyamba.

Bwanji ndingodumpha mapiritsi a Loweruka kuti ndimwe, n'kudzapitiriza Lolemba?

Pa zonse zimene ndimamva, izi ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Monga taonera, mankhwala a dzulo amakhala akadali m'magazi, choncho kudumpha sikukutetezani ku mseru. Chimene mwachita ndi kupatsa mpata tizilombo totsala kuti tichulukanenso, ndipo kamwazi kapena chotupa chija chimabwereranso. Ngati mukudziwa kuti simungathe kukhala tsiku limodzi osamwa, moti manja amanjenjemera m'mawa mukapanda kulawa, nenani zoona kwa dokotala musanalandire mankhwala. Kwa munthu wotero kusiya mowa mwadzidzidzi kungayambitse kukomoka ngati kwa khunyu, ndipo amafunika thandizo lapadera kapena mankhwala ena.

Kodi thobwa nalo ndi loletsedwa?

Thobwa la lero, lotsekemera, silivuta. Limene lagona masiku angapo n'kuyamba kuwira ndi kuluma palilime layamba kusanduka mowa, choncho lisiyeni. Werenganinso pabotolo la mankhwala a chifuwa amadzi ndi la zochukuchira m'kamwa, pakuti ena amakhala ndi mowa.

Ndamwa kale ndipo ndikumva kudwala. Nditani?

Lekani kumwa nthawi yomweyo, gonani chammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo, ndipo pakhale munthu wokuyang'anirani. Imwani madzi kapena Thanzi ORS pang'onopang'ono, osati chikho chonse kamodzi. Dziwani kuti kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kamseru kochepa ndi mkodzo woderapo ndi zimene fulajilo amachita yekha ngakhale popanda mowa, ndipo si chifukwa chosiyira mankhwala. Chimene chimasonyeza kuti mowa walowererapo ndi nthawi yake: kutentha kunkhope, kugunda kwa mtima ndi kusanza zimayamba patangopita mphindi zochepa mutamwa.

Pitani kuchipatala msanga, kaya ku Kamuzu Central kapena chilichonse chimene chili pafupi, ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kukomoka, kusokonezeka maganizo, masanzi a magazi, kapena kusanza kosalekeza moti ngakhale madzi sakukhazikika. Okalamba ndi amene ali ndi matenda a mtima asadikire kuti zifike pamenepo. Tengani kathumba ka mankhwala, ndipo muuze namwino mtundu wa mowa umene munamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi imene munameza piritsi lomaliza, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene idzamuthandize kudziwa ngati piritsi limene munasanza liyenera kubwerezedwa.