Bwanji wachingerezi chakuthwa wapeza 56 pamene wachingerezi chothyoka wapeza 68?

Lamulungu lapitali titatuluka mutchalitchi ku Rosettenville mayi ena anandiyimitsa pageti, foni ili m'manja, akuti achimwene inu si mumaphunzitsa ku yunivesite, tandiuzeni mwana wangayu chingerezi chake mpaka azungu amamufunsa kuti anakulira kuti, ndiye zatheka bwanji kuti ese yake apeze 56 pamene mnzake wochokera ku Mzimba wobwera chaka chatha chomwechi wapeza 68? Sindikudziwa amene anachonga ese ya mwana wawoyo, koma nditaona chithunzi cha pepala la malikisi ndinangoseka chamumtima, chifukwa zinali ngati zomwe zinatichitikira ife ku dipatimenti kwathu.

Chomwe chinali papepalapo ndi chimene timachitcha rubuliki. Kuchonga ese kuli pawiri. Kwina umawerenga yonse nkungomva mumtima kuti iyi ndi ya 65, basi. Kwinaku umaigawa ese m'magawo, gawo lililonse nkulipatsa malikisi akeake, kenako nkuphatikiza, ndipo magawowo salemera mofanana ayi, ena ndi thumba la chimanga ena ndi kapaketi ka mchere. Njira yachiwiriyi ndiye rubuliki, ndipo ndi imene ndikufuna ndifotokoze mmene timaipangira, makamaka kwa makolo ndi kwa achinyamata athu amene angopatsidwa utyuta, ntchito yothandiza lekichala kuphunzitsa ndi kuchonga, nkuwaunjikira mapepala 80 kuti achonge pofika Lachisanu.

Ife tinali ndi kalasi ya chaka choyamba, matyuta anayi, funso limodzi: kodi ndalama zimene anthu ogwira ntchito kunja amatumiza kwawo zimachepetsa umphawi? Mawu 1500. Funso loti aliyense wa ife kuno ku Joni ali nalo yankho m'thumba. Tisanapange rubuliki ndinatenga ma ese awiri nkuwapatsa matyuta kuti angochonga mmene akuonera. Woyamba, timutche A, chingerezi chosalala ngati batala koma ukafika kumapeto sukudziwa kuti iye akuti inde kapena ayi, anangondandalika zimene ena ananena. Wachiwiri, B, galamala yopunduka, ma verebu akugwa m'njira, koma ndime yoyamba yomwe wanena kuti ndalamazi zimathandiza banja kudya ndi kulipira fizi koma sizisintha mudzi wonse, ndipo ndime iliyonse ikuteteza mfundo imeneyo. Matyuta anapatsa A cha m'ma 70, B cha m'ma 58. Palibe amene anali ndi nkhanza, kungoti chingerezi chabwino chimaphimba maso, umayamba kuganiza kuti wolemba bwino ndiye kuti akuganizanso bwino.

Ndiye poyamba pa rubuliki si kujambula tebulo ayi, ndi kufunsa kuti kosi imeneyi inalonjeza kuphunzitsa chani. Yathuyi inalonjeza kuti mwana azitha kutenga mbali pa nkhani nkuiteteza ndi umboni. Sinali kosi ya galamala. Apa ndi pamene kulemera kwa magawo kumachokera. Tinagwirizana magawo anayi: mfundo ndi kuiteteza 40 peresenti, umboni wa m'zowerenga ndi mmene waugwiritsira ntchito 30, kasanjidwe ka ese 20, chilankhulo pamodzi ndi kalembedwe ka marefarensi 10. Zonse zikwane 100, izi zimaoneka zachibwana koma ndinaonapo rubuliki yofika 105 itagawidwa kale kwa ana. Magawo anayi kapena asanu ndi okwana, ukafika khumi wochonga amatopa nkuyamba kungoika malikisi amodzimodzi kutsetsereka mpaka pansi.

Tsopano taonani masamu ake. Gawo lililonse timalichonga pa 100 kenako nkuchulukitsa ndi kulemera kwake. A anapeza 45 pa mfundo, 50 pa umboni, 70 pa kasanjidwe, 85 pa chilankhulo. 45 kuchulukitsa 0.4 ndi 18, 50 kuchulukitsa 0.3 ndi 15, 70 kuchulukitsa 0.2 ndi 14, 85 kuchulukitsa 0.1 ndi 8.5, zonse pamodzi 55.5, timakweza kukhala 56. B anapeza 75, 70, 60 ndi 50, zomwe zikupereka 30, 21, 12 ndi 5, pamodzi 68. Koma tikanati magawo onse alemere mofanana, 25 lililonse, A akanapeza 62.5 ndipo B 63.75, pafupifupi ndendende. Mapepala omwewo, wochonga yemweyo, malikisi a magawo omwewo, chasintha ndi sikelo basi. Nchifukwa chake ine ndimati mkangano weniweni wa chilungamo umachitika pa tsiku logwirizana kulemerako, osati pa tsiku lochonga. Amene mumagwiritsa ntchito Excel, ikani kulemera mu B2 mpaka B5 ngati 40, 30, 20 ndi 10, malikisi mu C2 mpaka C5, ndiye:

```
=SUMPRODUCT(B2:B5,C2:C5)/100
```

Ena amati 10 ya chilankhulo yachepa, mwana wa ku yunivesite akuyenera kulemba bwino. Sindikana, ndipo ikanakhala kosi yophunzitsa kalembedwe ndikanaika 30 kapena kuposa. Koma kalasi ya kuno muli olankhula Chizulu, Chisutu, Chishona, Chichewa, Chifalansa cha ku Congo, ena anaphunzira sukulu zodula za ku Sandton ena ku sekondale yoyendera kumudzi, ukakweza chilankhulo pa kosi yosakhala ya chilankhulo ndiye kuti ukuchonga sukulu imene bambo ake anakwanitsa kulipira.

Chovuta kwambiri, chimene chimadya nthawi, ndi kulemba mafotokozedwe a mulingo uliwonse. Anthu ambiri amangolemba kuti mfundo yofooka, mfundo yabwino, mfundo yabwino kwambiri. Zimenezo sizithandiza munthu, chifukwa yabwino kwa ine si yabwino kwa tyuta wa chipinda chinacho. Lembani chinthu choti munthu angachiloze ndi chala papepala. Pa gawo la mfundo ife tinalemba motere: pansi pa 50, ese sikutenga mbali, ikungofotokoza mutu kapena kubwereza zimene olemba ena anena. 50 mpaka 59, mbali yatengedwa koma ikusowa pakati, ndime zina sizikukhudzana nayo. 60 mpaka 74, mbali ikuoneka koyambirira ndipo ndime zambiri zikuiteteza. 75 kupita m'mwamba, zonsezo zilipo komanso wolemba watchula maganizo otsutsana naye nkuwayankha. Mukaona bwino, tyuta akhoza kutsegula tsamba 3 nkunena kuti apa ndi pamene wayankha otsutsa, kapena kuti palibe.

Ndipo samalani kuti cholakwa chimodzi chisalangidwe kawiri. Tinazindikira kuti tyuta wina akaona chiganizo chothyoka amachotsa pa chilankhulo, nkuchotsanso pa mfundo ati sizikumveka, nkuchotsanso pa kasanjidwe. Mapeto ake gawo la 10 lija lasanduka la 40 mobisa. Lamulo lathu linakhala loti ngati wamva chimene mwana akutanthauza, ngakhale utawerenga kawiri, mfundo ilandire malikisi ake onse, galamala ikalipire kwawo ku 10 kuja. Mudzadziwa kuti vutoli lilipo mukaona kuti malikisi a tyuta wina amayenda limodzi nthawi zonse, 60, 60, 62, 60 pa pepala lililonse. Ese zenizeni sizikhala choncho kawirikawiri.

Pali msampha wina wa kuno ku South Africa umene ambiri amagweramo akakopera rubuliki ya kwina. Ma rubuliki ambiri ali ndi milingo 1, 2, 3, 4. Zikuoneka zophweka, koma 3 pa 4 ndi 75 peresenti, ndipo m'mayunivesite a kuno monga Wits ndi UJ 50 ndiye pokhozera pamene 75 ndi disitinkishoni. Ndiye mwana amene wangochita bwinoko pa gawo lililonse, 3, 3, 3, 3, watuluka ndi disitinkishoni osaifuna. Pansi napo, wolemba zopanda mutu amayambira 25 yaulere chifukwa mulingo wotsikitsitsa ndi 1. Ndi chifukwa chake ife milingo tinaimanga pa malire enieni a 50, 60 ndi 75.

Malire a njira imeneyi nawo ndiwanene, chifukwa kuphatikiza kumalola gawo lina kunyamula linzake. Tengani mwana amene sanayankhe funso nkomwe, walemba mbiri ya anthu opita ku migodi mmalo moyankha za umphawi, koma walemba mwaudongo. Mfundo 30, umboni 55, kasanjidwe 75, chilankhulo 85. Ndi 12, 16.5, 15 ndi 8.5, pamodzi 52, wakhoza! Ngati zimenezi simukuzifuna, lembani pa rubuliki pomwepo kuti wopeza pansi pa 40 pa mfundo malikisi ake onse sangapitirire 49. Koma lamulo lotere liyambe ladutsa kwa oyang'anira kosi ndipo ana alione asanayambe kulemba, osati kulitulutsa m'thumba mutaona pepala lokukwiyitsani. Kubera za ena nako musakuike ngati gawo la malikisi, kuli ndi ndondomeko yake ya yunivesite.

Rubuliki ikatha kulembedwa sinathe. Timatenga mapepala asanu, labwino, loipa ndi apakati atatu, mayina titaphimba kungosiya nambala ya wophunzira, matyuta onse nkuchonga payekhapayekha kenako nkukhala pansi ndi tiyi. Pamene tasiyana ndi malikisi oposa 5 timafunsana kuti iwe waona chani. Nthawi zambiri vuto silikhala munthu, limakhala liwu la mu rubuliki. Ife tinakangana theka la ola pa mawu oti umboni wokwanira, wina akuwerenga kuchuluka kwa mabuku wina akuyang'ana ngati bukulo likuchirikizadi mfundo. Tinasintha nkulemba kuti mfundo yaikulu iliyonse ili ndi gwero ndipo wolemba wafotokoza mmene gwerolo likuithandizira. Pofika pakati pa mulu timasinthananso mapepala angapo, poti munthu wochonga pepala la nambala 60 usiku magetsi atapita si yemwe uja anachonga loyamba m'mawa.

Mayi aja ndinawakulitsira chithunzi pafoni nkuwaonetsa kuti pa chilankhulo mwana wawo anapatsidwa malikisi apamwamba ndithu, pamene panagwa ndi pa mzere woyamba, wolemera kuposa yonse. Ndinawauza kuti akamuuze atenge pepalalo apite kwa lekichala wake pa nthawi yoonana ndi ophunzira, asakafunse kuti bwanji mwandimana, akafunse kuti ndi ndime iti imene mfundo yanga inasowa. Anati amuuza madzulo akaweruka ku shifiti, kenako minibasi yawo ya ku tauni inafika.