Ndalama yanu ikapanda kuoneka m'buku: mafunso ndi mayankho a ofesi ya msungichuma

"Ndinalipira $15 ya Ogasiti kubanki, uthenga uli pafoni panga. N'chifukwa chiyani dzina langa lili pa mndandanda wa osalipira?"

Funso limeneli talimva ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose, madera a mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo Loweruka lapitali mzere unafika pakhomo la ofesi ya bungwe lathu la maliro. Akuluakulu, uthenga wa pafoni umatiuza kuti ndalama inachoka kwa inu. Ife timalemba kuti mwalipira tikaipeza pa sitetimenti ya banki n'kuigwirizanitsa ndi dzina lanu m'buku la ndalama. Pa mzere uliwonse timaona zinthu zitatu: kuchuluka kwa ndalama, tsiku, ndi mawu amene munalemba potumiza. Anthu ambiri amalipira $15 yomweyo kumapeto kwa mwezi, choncho chimene chimasiyanitsa ndalama yanu ndi ya mnzanu ndi nambala ya umembala basi. Ikasowa, kapena mwana wanu akakutumizirani pa akaunti yake ya dzina lina, mzerewo umatsala wopanda mwini.

"Mumachita liti zimenezi?"

Kamodzi pamwezi, sitetimenti ya mwezi wathunthu ikatuluka.

"Kodi mumakopera sitetimenti pamanja? Simulakwitsa?"

Banki imatipatsa PDF, ife n'kusamutsira mizere yake mu Excel. Tivomere, apa zimalakwika nthawi zina. Mzere wa mawu ataliatali umaduka pawiri, mzere wa m'munsi mwa tsamba umatha kubwera kawiri, ndipo tsiku lolembedwa 03/08 kompyuta imatha kuliwerenga ngati 8 Malichi m'malo mwa 3 Ogasiti. N'chifukwa chake tisanayambe kufananitsa timayesa kaye mizereyo: ndalama yoyambira mwezi, kuphatikiza zolowa, kuchotsa zotuluka, iyenera kufanana ndi yotsekera imene banki yalemba. Mu Excel, yoyambira ikakhala mu selo G1, yotsekera mu selo G2, zotuluka mu kolamu C ndipo zolowa mu kolamu D, timalemba:

```
=ROUND(G1+SUM(D:D)-SUM(C:C)-G2,2)
```

Yankho likapanda kukhala 0, pali mzere wosowa kapena wobwerezedwa, ndipo timabwerera ku PDF tsamba ndi tsamba. Koma 0 ameneyu satitsimikizira kuti masiku ndi maina zakopedwa bwino, amangotsimikizira ndalama. Chinanso chimene chimasokoneza alembi atsopano n'chakuti ndalama yolowa banki imailemba pansi pa Credit, pamene m'buku lathu ili mbali ya Debit.

"Buku likuti $1,880.00, banki ikuti $1,736.50. Nanga $143.50 inapita kuti?"

Bambo wina anafunsa zimenezi pa msonkhano ataloza bolodi ndi ndodo yake, ndipo anafunsa bwino. Palibe ndalama imodzi ya $143.50 imene inasowa. Tinachonga mizere yonse yogwirizana, ndipo inatsala isanu.

Itatu inali pa sitetimenti koma m'buku munalibe. Banki inadula $6.50 yosungira akaunti. Pa $400 imene tinatumiza kwa ogulitsa bokosi la maliro panadulidwa $8.00 ya IMTT, msonkho wa boma pa ndalama zotumizidwa kudzera kubanki kapena pafoni, womwe ndi 2 peresenti, ndipo umabwera pa mzere wakewake. Wachitatu ndi $30 yolowa pa 27 Ogasiti, yopanda nambala ya umembala.

Wachinayi unali kulakwitsa kwathu. Mlembi analemba $54 pomwe banki ndi risiti zikuti $45. Manambala awiri akasinthana malo chonchi, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala, ndiye tikaona kusiyana kwa 9, 18 kapena 27 timayamba tasaka zimenezi. Wachisanu ndi $150 imene wotolera wa ku Mufakose analandira Lamulungu pa 31, n'kulembedwa m'buku tsiku lomwelo, koma inafika kubanki Lolemba pa 1 Seputembala.

Tsono buku timalikonza motere: pa $1,880.00 tichotse $6.50, $8.00 ndi $9.00, tiwonjezere $30 ija, zikwana $1,886.50. Mbali ya banki, pa $1,736.50 tiwonjezere $150 imene inali m'njira, zikwananso $1,886.50. Dziwani kuti $150 ija sitiikhudza m'buku, chifukwa buku silinalakwe. Timangoiyang'anira pa sitetimenti ya Seputembala, ndipo ikanapanda kuoneka m'masiku oyambirira tikanamuitana wotolerayo ndi kapepala ka kubanki m'manja.

"Ndiye $30 yopanda mwiniyo ndi ya ndani? Wina akamwalira nkhaniyi isanathe, banja lake lithandizidwa?"

Ili ndi funso lovuta, ndipo tiyankha mosamala. Ndalamayo tinailemba m'buku pa tsamba la ndalama zosadziwika mwini, kuti buku ligwirizane ndi banki, koma sitinaiike pa dzina la munthu. Pakali pano anthu atatu akuti ndi yawo. Mayi wina akuti analipira miyezi iwiri pamodzi. Bambo wina akuti analipirira iye ndi mchemwali wake, $15 aliyense. Wachitatu akuti mdzukulu wake ndiye anamutumizira. Onse atatu akhoza kukhala kuti akunena zoona za ndalama imene anatulutsa, koma mzere wa $30 pa sitetimenti ndi umodzi wokha, ndipo mzere umodzi sungachongedwe kawiri.

Chimene timapempha ndi nambala imene banki kapena foni imapereka ndalama ikatumizidwa, tsiku, ndi dzina la mwini akaunti imene ndalamayo inachokera. Nambalayo ikafanana ndi ya pa sitetimenti, nkhani yatha. Nthawi zina imaoneka yodukiza, kapena banki yolandira imaika ina, makamaka ndalama ikadutsa pa ZIPIT, njira yotumizira ndalama pakati pa mabanki, kuchokera ku banki ina. Zikatero timalembera banki kuti itiuze kumene inachokera, ndipo masiku amene yankho limatenga sali m'manja mwathu. Chithunzi cha uthenga chotumizidwa pa WhatsApp timachilandira ngati poyambira chabe, popeza sichivuta kusintha.

Za maliro, ofesi ya msungichuma siigamula yokha. Mwini ndalama akadziwika, timamulembera tsiku limene ndalama inalowa kubanki, 27 Ogasiti, osati tsiku limene taizindikira, choncho kuchedwa kwathu sikumusandutsa wangongole. Zovuta zikagwa umboni usanapezeke, timapereka kwa komiti zonse zimene tili nazo, ndipo komitiyo ndiyo imaona malamulo a bungwe ndi mbiri ya kalipiridwe ka munthuyo. Sitingalonjeze pano kuti yankho lidzakhala lotani. Tikudziwa kuti mawu amenewa ndi olemera kwa banja lofedwa, n'chifukwa chake tikupempha atatuwa abwere sabata ino.

"Ndinalipira mu ZiG, bwanji simukuiona?"

Chiyambireni ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, mu Epulo 2024 tili ndi akaunti ziwiri ndi mabuku awiri. Ya ZiG timaifananitsa ndi buku la ZiG, ya madola ndi buku la madola, osasakaniza. Tiuzeni ndalama imene munatumiza mu ZiG momwemo, musaitembenuzire ku madola, chifukwa nambala yotembenuzayo sitingaipeze pa sitetimenti iliyonse.

"Amene amalemba buku ndi yemweyo amafananitsa?"

Mpaka chaka chatha zinali choncho, ndipo sizinali bwino, chifukwa munthu saona msanga cholakwa cha dzanja lake. Tsopano mlembi amalemba buku, msungichuma amafananitsa, ndipo membala mmodzi wa komiti amatenga PDF yochokera kubanki, osati ya mu Excel, n'kuona ndalama yotsekera asanasaine.

"Ndikalipira kwa wotolera wa dera lathu, dzina langa lioneka pa sitetimenti?"

Ayi. Pamaoneka ndalama imodzi, monga $150 ija, yomwe inali ya anthu 10. Timaigawa potsata mndandanda wa wotolera ndi marisiti ake, ndipo zonse pamodzi ziyenera kukwana $150 ndendende. Mndandanda ukakwana $165 pomwe banki yalandira $150, sitichonga aliyense mpaka wotolera afotokoze. Sungani risiti yanu, ndipo muone kuti palembedwa nambala yanu ya umembala musanachoke pa tebulo.