Msana wouma m'mawa si wa kutopa

Ndatopa nawo mawu akuti "ndi ntchito yolemetsa, kapumeni." Mnyamata akadandaula msana, musanamufunse zimene ananyamula, mufunseni kuti ukumupweteka nthawi yanji.

Msana wopweteka chifukwa cha katundu umadziwika. Munthu amaloza tsiku limene unayamba, umawawa akamagwira ntchito, akagona umaleka, ndipo nthawi zambiri pakatha masabata 6 amakhala atapezako bwino. Koma pali msana wina wa nyamakazi yotupitsa mfundo, umene timautcha ankilozingi sipondilaitisi. Umenewu umayamba mwakachetechete munthu asanakwane zaka 45, kawirikawiri ali m'zaka za m'ma 20, ndipo kugona ndiye kumaukulitsa.

Pali wakabaza wina amene mpaka lero sandichoka m'mutu. Anabwera kuchipatala ali ndi zaka 28, atavutika zaka 7. Ululu unkamudzutsa cha m'ma 3 koloko usiku, mkati mwa thako, sabata ino lakumanja, sabata inayo lakumanzere. Kukacha msana unkakhala gwa ngati thabwa, kuti avale nsapato pankadutsa ola lathunthu. Koma akangopalasa maulendo awiri, thupi linkamasuka. Zimenezi iye ankazinena kulikonse, koma aliyense akangomva kuti ndi wakabaza, mlandu unkagwera njinga. Anaigulitsa n'kumangogona, matenda n'kukula. Kenako anapita kwa sing'anga, ndipo m'chiuno monse munali mphini.

Ndinamuimika chotsamira khoma, zidendene ndi matako zitagunda khomalo. Mutu unakanika kufika, panatsala mpata wolowa zala zinayi. Mafupa a msana anali atayamba kulumikizana, ndipo akalumikizana palibe mankhwala owalekanitsa.

Ululu wa m'thakowo umachokera pamene msana umakumana ndi mafupa a chiuno, ndi pamene kutupa kumayambira. Musanyengeke ndi ekisireyi yooneka bwino, poti imatha zaka isanaonetse kanthu. Makina ena ojambula mkati mwa thupi, a MRI, ndiwo amaona msanga.

Ngati msana wapitirira miyezi itatu, ukuuma kuposa mphindi 30 m'mawa uliwonse, n'kumamasuka mukayenda, kafotokozeni zimenezo kuchipatala ndendende mmene zilili. Nenaninso ngati chidendene chimawawa. Diso likafiira, n'kumapweteka ndi kuopa kuwala, pitani tsiku lomwelo, diso limatha kuwonongeka.

Mankhwala ngati bulufeni amachepetsa ululuwu kwambiri m'masiku awiri okha, ndipo kwa ife azachipatala chimenecho ndi chizindikiro cha nyamakaziyi. Koma musamangowagula pagolosale miyezi ndi miyezi, amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso. Amafunika kuyendera limodzi ndi mafizo a tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati mukuonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, tiyenera kuyamba tayeza TB ya msana, imene ikachedwa imapha miyendo.