Matumba akachepa pageti, funsani kaye kumene zinyalala zapita

Ndatopa kumva mawu akuti anthu akayamba kulipira malinga ndi kuchuluka kwa zinyalala zawo, zinyalala zichepa zokha. Ndimawamva pa misonkhano ya m'madera, ndimawamvanso kwa eni makampani otola zinyalala amene akufuna kusiya mtengo umodzi wa pamwezi n'kuyamba kulipiritsa pa thumba. Chimene chimachepa msanga ndi chiwerengero cha matumba amene aikidwa pageti. Zinyalala zenizenizo nthawi zina zimachepadi, nthawi zina zimangosintha njira, ndipo ife ogwira ntchito ya zaukhondo ndi amene timakazipeza kumene zapitako.

Njira yake si yovuta. Tiyerekeze, ndi mitengo yongopeka, kuti banja lina ku Area 25 limalipira K6,000 pamwezi, kaya litulutsa thumba limodzi kaya khumi. Wotolayo asintha: K3,000 yokhazikika pamwezi, kenako K500 pa thumba lililonse la msinkhu wa thumba la chimanga la makilogalamu 50, lomwe limalowa malita pafupifupi 70. Banjali limatulutsa matumba 8 pamwezi, ndiye bilu yakwera kufika K7,000. Likatsitsa matumbawo kufika atatu, lilipira K4,500. Kusiyana kwa K2,500 kumeneko ndi kumene kumapangitsa mayi wa pakhomopo kuyamba kusuzumira m'thumba asanalimange. Ndalama yokhazikikayo musaichotse, chifukwa galimoto imamwa mafuta pafupifupi omwewo popita ku mtaya wa ku Area 38 ngakhale itanyamula theka, ndipo kampani imene yaika mtengo wonse pa thumba imagwa makasitomala ake akangophunzira kusankha.

Tsono mayiyu akasuzumira, akuona chiyani? Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Mtengo wa pa thumba umayeza malo, suyeza kulemera. Mabotolo apulasitiki, makatoni ndi zitini zimadya malo ambiri koma n'zopepuka. Makoko a mbatata, mkute, masamba, phulusa la pa mbaula ndi dothi losesa pabwalo zimalemera koma zimakhala pansi pa thumba mwakachetechete. Choncho sabata yoyamba banja limachotsa mabotolo, limaphwanya makatoni, mwana wamwamuna amakwera pa thumba n'kuliponda mpaka lilowe zambiri. Matumba atsika kuchoka pa 8 kufika pa 5, kampani ikusangalala kuti njira yagwira, koma zonyowa zonse zikadali momwemo, ndipo m'Lilongwe zowola ndi zimene zimachuluka pa zinyalala za pakhomo. Ndi zomwezo zimene zimanunkha, kuitana ntchentche ndi kutulutsa madzi akuda aja otsika kuseri kwa galimoto.

Kudziwa ngati zachepadi n'kosavuta. Tengani sikelo yopachika ija ya ogula mbewu, muyeze matumba angapo a mzere umodzi wa nyumba musanasinthe mtengo, mudzawayezenso patatha mwezi. Matumba akachepa koma lililonse likulemera kuposa kale, anthu akungotsendera. Akachepa, kulemera kwa thumba kuli chimodzimodzi, koma madzulo utsi wa pulasitiki ukufuka kuseri kwa mipanda, akuwotcha. Kuchepa kwenikweni kumaoneka mukamasula thumba n'kupeza kuti mulibe makoko, mulibe phulusa, muli majumbo, matewera ndi magalasi osweka basi.

Anthu amakonda kutchula dziko la South Korea, ndipo n'zoona kuti kuyambira 1995 mabanja kumeneko amataya zinyalala m'matumba ogula ovomerezeka ndi boma la dera. Chimene satchula n'chakuti zinthu zotha kukonzedwanso, monga mapepala, mabotolo ndi zitini, zinkatoledwa ulere zikasankhidwa. Munthu anali ndi kopita nazo. Ndipo zotsala za chakudya zinawavuta ndithu, mpaka mu 2005 analetsa kuzikwirira m'mitaya ndipo mu 2013 anaziikira mtengo wakewake, m'nyumba zambiri zosanja pochita kuziyeza pa sikelo. Ife tikufuna kutenga mtengo wokha n'kusiya khomo lotulukira.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya puloti ina ya nyumba za lendi, mabanja angapo mumpanda umodzi, chimbudzi chokumba chimodzi. Wotola zinyalala atayamba kuwerenga matumba, a landilodi anagawa biluyo mofanana kwa alendi onse. Mnyamata wokhala yekha anadandaula kuti iye satulutsa kanthu, ndipo maso onse analoza mayi wina wa mwana wakhanda, chifukwa matewera otaya aja amadzaza thumba msanga ndipo sungawapange manyowa kapena kuwagulitsa. Mayiyu, pothawa manyazi ndi mikangano, anayamba kuwaponya m'chimbudzi usiku. Matewera sawola. Amamwa madzi n'kufufuma. Chimbudzi chinadzaza nthawi yake isanakwane, opopa atabwera payipi yawo inkatsekeka, ndipo mvula itagwa zonyansa zinasefukira pabwalo posewera ana. Ndalama imene puloti ija inapulumutsa pa matumba inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi yokumbira chimbudzi china. Mayiyo sindimuimba mlandu. Mtengo wa pa thumba umagwira pamene amene akutaya ndi yemweyo akulipira. Pa bini ya anthu ambiri, wosankha bwino amalipirira waulesi, ndipo amene ali ndi khanda kapena wodwala wogona amalangidwa pa chinthu chimene sangachepetse. Pa puloti yotere banja lililonse likhale ndi matumba akeake odziwika, ndipo la khanda lipatsidwe thumba la matewera laulere.

Zowola zili ndi kopita ngati pali kadimba kapena kamalo kuseri kwa nyumba. Kumbani dzala losazama, muzithira makoko ndi masamba, pamwamba udzu wouma kapena dothi pang'ono, muzitembenuza, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mwapeza manyowa. Nyama ndi nsomba musaikemo, mungaitane makoswe ndi agalu. Koma ku Mtandire kapena ku Chinsapo, kumene khomo la wina limayang'ana zenera la mnzake, dzalalo likumbidwa pati? Kumeneko wotolayo ayenera kutenga zowola padera pa mtengo wotsika, kapena ulere ngati ali ndi gulu lopanga manyowa loti alipatse. Akapanda kutero, asayambe n'komwe kuwerenga matumba.

Ndipo chenjerani ndi anyamata a wilibala amene amatulukira mtengo ukangokwera. Amagogoda pageti n'kunena kuti thumba lomwe kampani ikufuna K500 iwo atenga ndi K200. Mwaonapo wilibala ikupita ku Area 38? Ulendo wake umathera mu ngalande yapafupi, pa puloti yosamangidwa kapena m'mphepete mwa Lingadzi, ndipo nthawi yotentha simuona vuto lililonse. Vuto limabwera ndi mvula ya Disembala, ngalande zikatsekeka madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'zitsime. Amene tinagwira ntchito nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 sitifuna kuonanso madzi oima pafupi ndi zimbudzi. Wokutolerani zinyalala mumufunse kumene amakataya, akuonetseni chilolezo cha khonsolo ya mzinda, ndipo akayamba kuzungulira poyankha musamupatse thumba lanu. Inunso a makampani, ngati mukufunadi kusintha mtengo, musasinthe mu Novembala. Yambani mvula itangotha, kuti mukhale ndi miyezi yoyeza matumba ndi kuyendera ngalande za makasitomala anu madzi asanabwere.