Kodi makiyi a macheza anu ali ndi ndani?

Ndatopa kumva mawu akuti "pulogalamu iyi ndi yotetezeka, mauthenga amatsekedwa." Ndimagwira ntchito yoteteza makompyuta kuno ku Blantyre, ndipo aliyense wondiuza mawu amenewa ndimamufunsa chinthu chimodzi: akatsekedwa, kiyi amasunga ndani?

Masiku ano pafupifupi pulogalamu iliyonse yotumizirana mauthenga imasokoneza uthenga usanachoke mufoni, kuti wina amene ali nanu pa intaneti imodzi kuofesi kapena kampani ya mafoni asauwerenge. Kusiyana kuli pa seva, kompyuta ya kampani imene mauthenga onse amadutsirapo. M'mapulogalamu ena uthenga ukafika pa seva ya kampani, kampaniyo ili ndi kiyi woutsekulira. Imausunga, n'kuutsekanso popita kwa mnzanu. Zili ngati chikwama chomwe mwatumiza pa basi ku Wenela, koma kiyi mwasiyira a muofesi. Panjira palibe angachitsekule, koma chinsinsi chanu chadalira kukhulupirika kwawo, kulimba kwa ofesiyo, ndi zimene angachite khoti likawalamula. M'mapulogalamu otseka kuchokera pafoni kufika pafoni, kiyi amapangidwa m'foni za inu awiri ndipo satulukamo. Seva imangopatsira zinthu zomwe siingathe kuwerenga.

WhatsApp inamaliza kuika njira yachiwiriyi pa macheza onse mu 2016, pogwiritsa ntchito luso la pulogalamu ina yotumizirana mauthenga ya Signal. Telegram, imene anthu ambiri amaiyesa yachinsinsi koposa, imasunga macheza wamba ndi magulu onse pa seva m'njira yoyamba ija. Kuti mutseke mpaka kwa mnzanu muyenera kusankha nokha Secret Chat, ndipo iyi ndi ya anthu awiri basi, m'gulu mulibe.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya kagulu ka amayi othandiza anzawo ochitidwa nkhanza m'banja. Mnyamata wina wokonza mafoni ku Limbe anawalangiza kusamutsira zokambirana zawo ku pulogalamu ina yosunga macheza pa seva, ati ndiyo yobisa bwino. Ankaikamo mayina, zithunzi za zilonda ndi malo omwe amayi othawa akubisala. Tsiku lina mmodzi analandira foni kwa munthu wonamizira kuti ndi wa kampani, ndipo anamuwerengera manambala olowera mu akaunti amene anali atangolowa mufoni mwake. Wakubayo analowa pa foni yake ndipo macheza onse, kuyambira tsiku lomwe gululo linayamba, anamutsikira. Palibe loko amene anathyola. Seva inamuyesa mwini wake, n'kumupatsa zonse zomwe inali nazo. Mayiyo anaona chenjezo loti foni ina yalowa, koma anadikira masiku angapo asanauze aliyense, poopa kukalipiridwa.

Akanakhala pa WhatsApp, wakubayo akanalandabe akauntiyo ndi kuwerenga mauthenga atsopano a m'gulu, ndipo zimenezo si zochepa. Koma akale sakanawapeza, chifukwa seva ilibe. Pamenepa pali njira yoyesera nokha: mukalowa pa foni yatsopano ndi nambala yanu yokha, yakale ili chizimire, osaika pasiwedi iliyonse, macheza a zaka zambiri n'kubwera onse, dziwani kuti kampani ili nawo ndipo ingathe kuwatsekula.

Musathamangire kunena kuti ndiye pa WhatsApp mwapulumuka. Ambiri amasunga kope la macheza ku Google Drive, ndipo kope limeneli silitsekedwa ndi kiyi wanu pokhapokha mutayatsa nokha. Lowani pa Settings, Chats, Chat backup, muyatse End-to-end encrypted backup, imene inabwera mu 2021. Mudzasankha pasiwedi kapena kiyi wa zilembo ndi manambala 64. Mukataya zimenezi ndi foni yomwe, ngakhale kampaniyo siingakubwezereni macheza, choncho lembani papepala musunge kunyumba. Yatsaninso Two-step verification, kuti manambala 6 olowera mu akaunti aja okha asakwanire kulanda akaunti.

Ngati nkhani ndi yoopsa, mukakumana ndi mnzanuyo dinani dzina lake, kenako Encryption, muyerekeze manambala 60 amene akuoneka pa foni zonse ziwiri. Akafanana, palibe amene wakhala pakati panu.

Kutsekaku sikubisa kuti mukulankhula ndi nambala iti, ndiponso sikuteteza foni yomwe ili m'manja mwa wina. Mnzanu wa m'nyumba akalumikiza akaunti yanu ku laputopu yake, amawerenga zonse ngati inu. Muziona pa Linked devices. Ndipo chonde, musalole okonza mafoni akuikireni GB WhatsApp kapena zofanana nazo. Si za kampaniyo, ndipo pulogalamu imene mwaika ndiyo imagwira uthenga usanatsekedwe. Aliyense wokulonjezani kuti "akutsekulirani" macheza a mwamuna kapena mkazi wanu mukamulipira, akudyerani ndalama, apo ayi akufuna kuika pulogalamu yozonda m'foni ya munthu, zomwe zingakutengereni nonse kupolisi.