Mneni wa Chifalansa sagwirizana ndi wolemba nthawi zonse

Ambiri ophunzira Chifalansa amakhulupirira kuti mneni wosonyeza zomwe zachitika amatsatira amene wachita ntchitoyo. Ndi mneni wothandizira être nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma ndi avoir ayi.

Mayi akamalemba imelo kuti watumiza mainvoisi, alembe «j'ai envoyé les factures». Ukazi wake sukhudza mneni, ndipo mainvoisiwo abwera pambuyo pa mneni. Koma chinthu chotumizidwacho chikatsogola, mathero a mneni amagwirizana nacho: «les factures que j'ai envoyées», popeza liwu la factures ndi lachikazi komanso lochuluka. Pakamwa envoyé ndi envoyées zimamveka chimodzimodzi, n'chifukwa chake cholakwachi chimabisala mpaka bwana atachiona pa imelo.

Msampha wina ndi «nous nous sommes parlé», kutanthauza kuti tinalankhulana. Apa s palibe kumapeto kwa parlé ngakhale pali être, chifukwa m'Chifalansa umalankhula kwa munthu, parler à, choncho munthuyo salandira ntchitoyo mwachindunji m'chiganizo.