Mphaka wodzutsa anthu mbandakucha: yambani ndi nthawi ya chakudya

Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, koma amagona modukizadukiza. Mphamvu zake zimakwera kawiri, chisisira chamadzulo ndi mbandakucha, pomwe makoswe ndi mbewa zimayenda. Kuseri kwa diso lake kuli kachiwalo kobweza kuwala, kamene kamanyezimira mukamuunika ndi tochi, choncho amaona bwino pamene ife tikungopapasa. Kuno ku Chipata vutoli limakula tikakolola, matumba a chimanga akalowa m'nyumba ndipo makoswe ayamba kuthamanga kudenga.

Chibadwa chimenechi simungachichotse, koma nthawi yake mungaisunthe. Mphaka amatsata ndondomeko imodzi: kusaka, kudya, kudzinyambita, kugona.

Titenge mphaka wa zaka ziwiri amene amadya 17 koloko, n'kumalira pakhomo la kuchipinda 04 koloko. Pofika nthawi imeneyo watha maola 11 osadya, ndipo mimba ya mphaka ndi yaing'ono, inazolowera kulandira pang'onopang'ono. Musawonjezere chakudya. Gawani chomwecho patatu: m'mawa, madzulo, ndipo gawo lalikulu cha m'ma 21 koloko. Likhale ndi nyama, nsomba kapena dzira lophika. Kapenta muyambe mwamuviika kuti mchere uchoke. Nsima yokhayokha siikwanira thupi la mphaka.

Asanadye gawo lomalizali, musewere naye mphindi 10 mpaka 15. Mangani nthenga za nkhuku ku chingwe, chingwecho kukamtengo, ndipo muzikoka pansi mothawitsa, kuima pang'ono, kubisa kuseri kwa mpando. Muzimulola kugwira nthengazo nthawi zina, chifukwa mphaka wongothamangitsa osagwira kanthu amatsala ndi ukali, n'kukaluma mapazi anu. Akayamba kugona chammbali, watopa, mpatseni chakudya. Chingwecho chibiseni, akachimeza chimavulaza matumbo.

Ambiri amalephera 04 koloko pomwepo. Mukadzuka n'kumupatsa chakudya, ngakhale kungomukalipira, waphunzira kuti kulira kumadzutsa munthu. Tsekani chitseko, musayankhe. Masiku oyamba adzalira kwambiri kuposa kale, ndipo mukagonja pamenepo mwamuphunzitsa kulira nthawi yaitali. Aliyense m'nyumba, ndi ana omwe, agwirizane. M'mawa yambani mwasamba kapena mwakoleza mbaula, kenako mumpatse. Yembekezani sabata ziwiri kapena zitatu musanaweruze.

Kulira kwina sikwa njala. Wamkazi wosatseketsa akafuna wamwamuna amalira mokweza, kugubuduka ndi kutukula kumbuyo kwa masiku angapo, ndipo zimabwereranso pakapita sabata ziwiri kapena zitatu. Apo mankhwala ake ndi opaleshoni yotseketsa kwa dokotala wa ziweto, osati ndodo. Mphaka wopitirira zaka 10 akayamba mwadzidzidzi kulira usiku, kuonda akudya kwambiri kapena kumwa madzi ochuluka, pitani naye akamuyeze chithokomiro ndi impso.